A Ng'oma akasanduka a Ngâ€™oma: kukonza zilembo zosokonekera pa kompyuta

Aliyense amene amagwira ntchito ndi mindandanda ya mayina pa kompyuta, kaya kusukulu, kutchalitchi, kuchipatala kapena ku kalabu ya alimi, tsiku lina adzatsegula fayilo n'kupeza kuti a Ng'oma alembedwa kuti `Ngâ€™oma`, dzina la dziko lathu lasanduka `MalaÅµi`, ndipo a João ochokera kutsidya kwa malire ali `JoÃ£o`. Anthu ambiri akaona zimenezi amati kompyuta yalowa vayirasi. Ena amakalipira amene watumiza fayiloyo kuti sadziwa kutayipa. Ena amangokhala pansi n'kuyamba kufufuta zilembo zachilendozo chimodzichimodzi mpaka usiku.

Si vayirasi ayi, ndipo nthawi zambiri wotumizayo sanalakwitse chilichonse. Pa nthawi imene mwangoitsegula kumene, fayiloyo imakhala ili bwinobwino. Imadzawonongeka pambuyo pake, munthu akaisunga ili choncho kapena akayamba kuikonza mwachimbulimbuli. N'chifukwa chake ndikufuna tiyambe tamvetsa chimene chimachitika tisanafike pa mabatani oti tidine.

Kompyuta sisunga zilembo. Imasunga manambala okhaokha, ndipo nambala iliyonse imakhala m'kachipinda kotchedwa bayiti, kamene kamatha kusunga nambala kuyambira 0 mpaka 255. Mukatayipa A wamkulu, m'fayilo mumalowa 65. Mukatayipa w, mumalowa 119. Pulogalamu imene ikutsegula fayiloyo imatenga manambalawo n'kuyang'ana pa tebulo lake kuti nambala iyi ikuimira chilembo chiti. Tebulo limenelo ndi limene pa sikirini limatchedwa `Encoding`. Vuto lake n'lakuti matebulowo alipo ambiri, ndipo fayilo ya zilembo zokhazokha, monga zimene dzina lake limathera ndi `.txt` kapena `.csv`, kawirikawiri sinena kuti inalembedwa ndi tebulo liti. Pulogalamu imangoganizira. Zili ngati mtsogoleri wa mapemphero kulengeza kuti tiimbe nyimbo nambala 197, koma inu muli ndi buku la nyimbo la mpingo wina. Nambala mwaimva bwino, buku lanu lilibe vuto, koma nyimbo imene mupeze si imeneyo.

Pa manambala oyambira 0 mpaka 127 matebulo amene timakumana nawo kwambiri amagwirizana. Amatsatira tebulo lakale la ASCII limene linatuluka ku America mu 1963, ndipo lili ndi zilembo za Chingerezi, manambala ndi zizindikiro zochepa. Ichi n'chifukwa chake Banda, Phiri ndi Lilongwe sasokonekera. Mkangano umayambira pa 128. Makompyuta a Windows okonzedwa m'Chingerezi ali ndi tebulo lakale lotchedwa Windows-1252, limene m'mapulogalamu ambiri limalembedwa kuti `ANSI`. Pa tebulo limeneli chilembo chilichonse chimatenga bayiti imodzi, choncho malo alipo 256 basi. Zilembo za Chifalansa, Chipwitikizi ndi Chijeremani zinapeza malo, koma ŵ wathu sanapeze.

Tebulo limene mafoni ndi intaneti zikugwiritsa ntchito masiku ano ndi UTF-8, limene Ken Thompson ndi Rob Pike anakonza mu 1992. Ilo limatha kulemba chilembo cha chinenero chilichonse chimene chili m'kaundula wa Unicode, ndipo limachita zimenezi polola chilembo chimodzi kutenga mabayiti angapo, mpaka anayi. Zilembo za ASCII zimatengabe bayiti imodzi. Chilembo cha ŵ chimatenga mabayiti awiri, 197 ndi 181.

Tsopano tsatirani dzina la Malaŵi. Zilembo zake ndi 6, koma mu UTF-8 limatenga mabayiti 7: 77, 97, 108, 97, kenako 197 ndi 181, pomaliza 105. Pulogalamu imene ikuwerenga ndi Windows-1252 sidziwa kuti 197 ndi 181 amayendera limodzi. Imatenga 197 payekha n'kupeza Å. Imatenga 181 payekha n'kupeza µ. Basi `MalaÅµi` wabadwa. Palibe nambala imene yasowa kapena kusintha. M'fayilo muja 197 ndi 181 akadali momwemo, akungodikira tebulo loyenera.

Wina anganene kuti ŵ ambiri tinasiya kumulemba. N'zoona kuti m'nyuzipepala sapezekapezeka, ngakhale kuti akadali m'Buku Loyera ndi m'mabuku ena, ndipo anzathu olemba Chitumbuka amamugwiritsa ntchito kwambiri. Koma chimene chimativutitsa kwambiri ife olemba Chichewa ndi kachizindikiro ka m'mwamba kamene timalemba m'mawu ngati ng'ombe, m'mudzi ndi n'chifukwa. Pa kompyuta kachizindikiroka kali pawiri. Kowongoka ndi nambala 39 ya ASCII ndipo sikasokonekera. Kopindika, kamene Word ndi mafoni ena amaika okha inu mukamatayipa, kamatenga mabayiti atatu mu UTF-8: 226, 128 ndi 153. Windows-1252 imawawerenga kuti â, € ndi ™. Ndiye poti m'Chichewa kachizindikiroka kamapezeka pafupifupi mzere uliwonse, kalata ya tsamba limodzi imadzaza ndi `â€™` mpaka kulephera kuwerengeka.

Apa ndipemphe chinthu chimodzi. Musangofufuta zilembo zitatuzo n'kusiya dzinalo lopanda kachizindikiro kake. Ng'oma ndi ngoma si mawu amodzi, ndipo munthu amene pa chiphaso chake palembedwa Ng'ambi akhoza kubwezedwa pa mzere chifukwa pa mndandanda palembedwa Ngambi. Dzina la munthu liyenera kubwerera mmene mwini wake amalilembera.

Musanakonze, yang'anani kaye maonekedwe a vutolo, chifukwa mavuto ofanana nawo alipo atatu ndipo njira zowathetsera n'zosiyana. Mukaona zilembo ziwiri kapena zitatu pamalo pa chimodzi, makamaka zoyamba ndi Ã, Å, Â kapena â€, dziwani kuti fayilo ndi ya UTF-8 koma yawerengedwa ndi Windows-1252. Achibale a ku Britain amaona `Â£50` pamalo pa £50 pa chifukwa chomwechi. Mukaona kachizindikiro kakuda kokhala ndi funso mkati, monga `Jo�o`, zachitika mosemphana: fayilo inalembedwa ndi Windows-1252, mmene ã ndi bayiti imodzi ya 227, koma yawerengedwa ngati UTF-8. Pa malamulo a UTF-8, nambala 227 imayenera kutsatiridwa ndi mabayiti ena awiri a mtundu wake, ndiye pulogalamu ikawasowa imaika � kusonyeza kuti apa yalephera. Koma mukaona kabokosi kopanda kanthu pamalo pa ŵ, kawirikawiri tebulo lili bwino. Ndi fonti imene mwasankha imene ilibe chithunzi cha chilembocho. Sinthani fonti, mwachitsanzo muike Arial kapena Times New Roman, ndipo ŵ aonekera.

Tiyeni titenge chitsanzo n'kuchitsatira mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti mlembi wa kalabu ya alimi a mbatata cha ku Dedza walandira pa imelo fayilo yotchedwa `alimi.csv`. Mayinawo anawalemba pa foni alangizi amene anayenda m'midzi, ndipo ena mwa alimiwo ali ndi mayina a Chipwitikizi chifukwa anachokera ku Angónia. Mlembiyo wadina fayiloyo kawiri, yatseguka mu Excel, ndipo akuona `Ngâ€™oma`, `JoÃ£o` ndi `AngÃ³nia`.

Choyamba, atseke fayiloyo osaisunga. Excel ikafunsa ngati isunge zosintha, adine `Don't Save`. Kenako akopere fayiloyo, ina aiike pambali osaikhudzanso, azigwira ntchito ndi inayo. Sitepe imeneyi anthu amaidumpha chifukwa imaoneka yopanda ntchito, koma ndi imene imapulumutsa munthu zinthu zikalakwika kutsogoloku.

Chimene chachitika n'chakuti mukadina kawiri fayilo ya CSV, Excel kawirikawiri sifunsa za tebulo. Imatenga tebulo lakale la kompyutayo, pokhapokha ngati fayiloyo ili ndi chizindikiro chapadera koyambirira chimene tikambe posachedwa. Ndiye njira yake ndi kulowetsa fayiloyo mwa njira ina imene imalola munthu kusankha. Mlembi atsegule Excel yopanda kanthu, apite pa `Data`, asankhe `From Text/CSV`, n'kuloza fayilo ija. Patuluka kawindo koonetsa mizere yoyambirira, ndipo pamwamba pake pali malo olembedwa `File Origin`. Pamenepo asankhe `65001: Unicode (UTF-8)`. Nthawi yomweyo, asanadine china chilichonse, aona a Ng’oma ndi a João abwerera m'kawindomo. Akakhutira adine `Load`. Mu Excel yakale batanilo limalembedwa `From Text`, koma malo a `File origin` alipo chimodzimodzi. Amene amagwiritsa ntchito LibreOffice Calc ali ndi mwayi, chifukwa iyo imafunsa yokha potsegula CSV, pamalo olembedwa `Character set`.

Vuto likanakhala la `Jo�o` lija, njira ndi yomweyi, kungoti pa `File Origin` akanasankha `1252: Western European (Windows)`. Kuyesa matebulo osiyanasiyana m'kawindo koonetsera sikuwononga kanthu, chifukwa pamenepo mukungosintha kawerengedwe, fayilo simunaikhudze. Chofunika ndi kukhala ndi dzina limodzi limene mukulidziwa bwino kalembedwe kake, n'kumaliyang'ana mpaka lioneke bwino.

Mayina akabwerera, mlembi asunge ntchito yake ngati `Excel Workbook`, imene imathera ndi `.xlsx`. Fayilo ya mtundu umenewu imanena yokha tebulo lake mkati, choncho wolandira sadzavutika. Ngati akufunikadi CSV, mwina poti ikalowetsedwa mu pulogalamu ina, pa `Save As` asankhe `CSV UTF-8 (Comma delimited)`, osati `CSV (Comma delimited)` wamba. Kusiyana kwake n'kwakukulu kuposa mmene mayinawo akuonekera. CSV wamba uja amalemba ndi tebulo lakale, limene lilibe malo a ŵ, ndiye chilembocho chimasanduka funso kapena w wopanda kachipewa, ndipo zimenezo sizibwerera. CSV UTF-8 amasunga zilembo zonse, komanso amaika mabayiti atatu, 239, 187 ndi 191, koyambirira kwa fayilo. Chizindikiro chimenechi chimatchedwa BOM, ndipo Excel ikachiona imadziwa kuti iwerenge ndi UTF-8 ngakhale munthu atangodina kawiri. Mukadzaona `ï»¿` kutsogolo kwa mawu oyamba a fayilo, ndi chizindikiro chomwechi chimene chawerengedwa ndi tebulo lolakwika.

Mpaka pano nkhani yathu ndi yofewa, chifukwa mlembi anatseka osasunga. Nanga ngati anasunga kale?

Tiyerekeze kuti anaona `MalaÅµi`, sanalabadire, n'kusunga ngati CSV UTF-8. Apa Excel yakhulupirira kuti Å ndi µ ndi zilembo zimene mwini wake akufuna, ndipo yazilemba chilichonse ndi mabayiti ake awiri: 195 ndi 133 kuimira Å, 194 ndi 181 kuimira µ. Chilembo chimene chinali ndi mabayiti awiri tsopano chili ndi anayi. Ngakhale mutatsegula fayilo imeneyi ndi UTF-8, muonabe `MalaÅµi`, chifukwa tsopano zimenezo ndi zimene zalembedwadi mkatimo. Ndipo wina akaitsegulanso ndi tebulo lolakwika kachiwiri, aona `MalaÃ…Âµi`. Zilembo zachilendo zikachuluka chonchi, zinayi kapena kuposa pamalo pa chimodzi, dziwani kuti fayiloyo yadutsa m'vutoli kangapo.

Ngati fayilo yoyambirira ikadalipo pa imelo kapena pa foni ya wotumiza, musavutike ndi yowonongekayo, tengani yoyambirirayo. Ngati palibe, vutoli limakonzekabe, chifukwa kusokonekerako kunatsatira lamulo ndipo lamulolo tikhoza kulitsatira chobwerera. Timauza kompyuta kuti ilembe zilembo zachilendozo ndi Windows-1252, kuti Å abwerere kukhala 197 ndipo µ akhale 181, kenako iwerenge manambalawo ndi UTF-8.

Pulogalamu yaulere ya Notepad++ imachita zimenezi popanda kulemba lamulo lililonse, koma muyenera kumvetsa mndandanda wake wa `Encoding`. Uli ndi magawo awiri amene anthu amawasokoneza. Zam'mwamba, monga `ANSI` ndi `UTF-8`, zimasintha kawerengedwe kokha, mabayiti osawakhudza. Zam'munsi, zoyamba ndi `Convert to`, zimasintha mabayiti enieniwo. Munthu amene akuona `MalaÅµi` m'fayilo imene sinawonongeke amangofunika kudina `UTF-8` ya m'mwamba. Akadina `Convert to UTF-8`, ndiye kuti wachita yekha cholakwa chija cholemba zilembo zachilendo kukhala zenizeni. Koma pa fayilo imene inasungidwa kale molakwika, imene pansi pa windo pakulembedwa kuti ndi UTF-8 koma mayina akadali osokonekera, njira yake ndi iyi: dinani `Convert to ANSI`, kenako dinani `UTF-8` ya m'mwamba. Mayina abwerera. Ngati inasokonekera kawiri, bwerezani masitepe awiriwo kawiri. Izi zimayenda pa kompyuta imene `ANSI` yake ndi Windows-1252, monga mmene zilili pa makompyuta okonzedwa m'Chingerezi. Amene amadziwa Python akhoza kuchita zomwezo ndi mzere umodzi:

```python
print("MalaÅµi".encode("cp1252").decode("utf-8"))
```

Mzere umenewu utulutsa Malaŵi. Dzina la `cp1252` ndi Windows-1252 yomwe ija.

Njira yobwererayi ili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwadziwa musanaidalire. Imafuna kuti fayilo yonse ikhale yosokonekera mofanana. Koma mindandanda yambiri imadutsa m'manja mwa anthu angapo. Mlembi uja mwina anakonza pamanja mayina ena, n'kuwonjezera alimi atsopano amene mayina awo ali ndi ŵ weniweni. Mukadina `Convert to ANSI` pa fayilo yosakanikirana chonchi, mizere yosokonekera ikhala bwino koma ŵ weniweni uja atayika, ndipo ã amene anali bwino asanduka chizindikiro cholephera kuwerengeka. Mwakonza kwina n'kuwononga kwina. Choncho mukamaliza, yang'anani mizere ya koyambirira, ya pakati ndi ya kumapeto, osati yoyamba yokha.

Pa fayilo yosakanikirana, ine ndimaona kuti njira yabwino kwa munthu wamba ndi kusaka ndi kusintha, kumene mu Excel ndi mu Notepad++ kumatseguka ndi `Ctrl+H`. Zilembo zachilendozo musayese kuzitayipa, zikopereni kuchokera m'fayilo momwemo. Chongani `Match case` kuti Ã asasokonezedwe ndi ã. Yambani ndi zazitali, monga `Ã…Âµ`, musanafike pa zazifupi, chifukwa mukayamba ndi zazifupi mudula zazitalizo pakati n'kusiya zidutswa zosazindikirika. M'fayilo ya Chichewa mitundu yake sichuluka: `â€™` ndi kachizindikiro kathu ka m'mwamba, `Åµ` ndi ŵ, `Å´` ndi Ŵ, ndipo pa mayina a Chipwitikizi `Ã£` ndi ã, `Ã³` ndi ó, `Ã©` ndi é, `Ã§` ndi ç. Mukamaliza, sakani Ã, Å, Â ndi â€ paokhapaokha kuti muone ngati patsala china.

Palinso malire ena amene amachokera ku tebulo la Windows-1252 lenilenilo. Manambala asanu alibe chilembo pa tebulo limeneli: 129, 141, 143, 144 ndi 157. Chizindikiro chopindika chotsekera mawu olankhulidwa chili ndi mabayiti 226, 128 ndi 157, ndiye chikasokonekera mumaona `â€` kenako malo opanda kanthu kapena funso. Mapulogalamu ena amasunga bayiti yosaonekayo, ena amaitaya. Ikatayidwa, njira yobwerera ija imakanika pamalo amenewo, ndipo Python imakana mzere wonse. Zilembo zazikulu Á ndi Í zimagwa m'vuto lomweli, chifukwa bayiti yachiwiri ya Á ndi 129 ndipo ya Í ndi 141. Pamenepa muyenera kuwerenga chiganizocho n'kukonza ndi maso.

Ndipo pali pamene sipakonzeka n'komwe. Munthu akaona `Jo�o` n'kusunga fayilo ili choncho, mapulogalamu ambiri amataya nambala 227 ija n'kulemba chizindikiro cha � m'malo mwake. Chilembo chilichonse chimene chinalephera kuwerengeka, kaya chinali ã, é kapena ç, chimasanduka chizindikiro chimodzi chomwecho, ndipo palibe pulogalamu imene ingadziwe motsimikiza chimene chinalipo. Mukaona `ï¿½`, ndi chizindikiro chomwechi chitawerengedwanso ndi Windows-1252, ndipo chikukuuzani kuti chilembo chenicheni chinapita kalekale. Chimodzimodzinso `Mala?i` amene wasungidwa ndi funso wamba. Dzina la dziko mulidziwa, koma pa dzina la munthu musalote. Funsani wotumiza akupatseni fayilo yoyambirira, kapena funsani mwini dzinalo.

Kwa inu amene mumatumiza mafayilo, ntchito yanu ndi yochepa koma imapulumutsa anthu ambiri. Ngati wolandira akatsegula mu Excel, mutumizireni `.xlsx` kapena CSV UTF-8. Mukamasunga mu Notepad, yang'anani kabokosi ka `Encoding` pafupi ndi batani la `Save`. Notepad ya masiku ano imasankha yokha UTF-8, koma pa makompyuta akale, amene akadali ambiri m'maofesi athu, imasankha `ANSI`, ndipo ikakuchenjezani kuti zilembo zina zitayika, musangodina kuti ipitirize. Mu uthenga wotumizira fayilo lembani kuti ndi ya UTF-8, ndipo yoyambirirayo musaifufute mpaka wolandira atakuuzani kuti mayina onse akuoneka bwino. Kwa inu olandira, mukadzaona a Ng'oma asanduka `Ngâ€™oma`, musadine `Save`. Tsekani, koperani fayiloyo, ndipo muitsegulenso posankha UTF-8.